Sipeya ya njinga yamoto yakale imapezeka ndi muyeso, osati ndi dzina la njinga

Mu Zomba muno mudakali njinga zamoto zakale zambiri zimene anthu anagula pa okushoni kuchokera ku boma ndi kumabungwe, monga ma Honda XL125 ndi ma Yamaha DT, zija ankayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo. Injini zake n'zolimba, koma mwini wake amavutika tsiku limene kachitsulo kamodzi katha. Akalowa m'shopu ya masipeya n'kufunsa kuti, "Achimwene, muli ndi beringi ya XL?" yankho limakhala lakuti, "Zimenezo zinasiya kubwera kalekale, madala." Wogulitsayo sakunama. Katundu wake anaoda poganizira njinga za kabaza, ndipo mabokosi ake analembedwa maina a njinga zimenezo. Koma nthawi zambiri beringi imene munthuyo akufuna ili pashelefu pomwepo, kungoti waifunsa ndi dzina lolakwika.

Chifukwa chake n'chakuti kampani yopanga njinga sipanga yokha chitsulo chilichonse. Maberingi, masiilo, tcheni, mapulagi ndi mabawuti amapangidwa pa miyeso yodziwika dziko lonse, ndipo kampani ya njinga imangosankhapo. Ikasiya kugulitsa, muyeso uja sufa. Pansipa titsata ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: gudumu lakumbuyo la njinga yakale ya 125 limene layamba kugwedera, tcheni n'kumadumpha.

Choyamba, masulani musanapite kukagula

Musanyamuke ndi dzina la njinga lokha. Masulani gudumu, ndipo musanachotse chilichonse jambulani ndi foni mbali zonse ziwiri, kuti muzikumbukira kachitsulo kamene kanali kumanja ndi kamene kanali kumanzere. Yalani zonse pa katoni motsatana mmene zatulukira: ekiselo, timapaipi tam'mbali, siilo, maberingi, ndi kapaipi kakatali kamene kamakhala mkati mwa habu pakati pa maberingi awiri. Tsukani ndi parafini kuti manambala aoneke.

Pochotsa beringi, kankhirani kapaipi kam'kati kaja pambali pang'ono, lowetsani chitsulo chachitali kuchokera mbali inayo, n'kumamenya mozungulira, pang'ono uku pang'ono uko. Mukamenya malo amodzi beringi imatuluka chopendekeka n'kukulitsa bowo la habu, ndipo habu ya njinga yakale ndi imene simungaipeze m'shopu ina iliyonse.

Chida chofunika pa ntchito yonseyi ndi veniya, choyezera chija cha nsagwada ziwiri. Ngati mulibe, makaniko wodziwa ntchito amakhala nacho, mungamupemphe akuyezereni. Rula ya kusukulu isakunamizeni: kusiyana kwa mamilimita 35 ndi 37 sikuoneka bwino pa rula, koma ndi maberingi awiri osiyana. Lembani miyeso yonse m'kabuku, ndipo zitsulo zakalezo muziike m'jumbo mupite nazo.

Beringi: werengani nambala

M'mphepete mwa beringi iliyonse mumakhala nambala, monga 6202 kapena 6302. Nambalayi siinena za njinga, imanena za kukula. Manambala awiri omalizira ndi bowo la pakati: 00 ndi mamilimita 10, 01 ndi 12, 02 ndi 15, 03 ndi 17, ndipo kuyambira 04 mumangochulukitsa ndi 5, choncho 04 ndi 20, 05 ndi 25. Nambala yachiwiri imanena kunenepa kwake: 62 ndi yopepukirapo, 63 ndi yaikulu kunja ngakhale bowo lili lomwelo.

Tiyerekeze kuti beringi ya mbali ya buleki ikuwerengeka bwino kuti 6202, koma ya mbali ya tcheni inadyeka ndi dzimbiri, nambala siikuoneka. Yezani zinthu zitatu: bowo la pakati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala. Mwapeza 15, 42 ndi 13. Imeneyo ndi 6302. Mukanapeza 15, 35 ndi 11 ikanakhala 6202. 12, 37 ndi 12 ndi 6301. 17, 40 ndi 12 ndi 6203. Tsopano mukabwerera kushopu kuja musatchulenso XL. Nenani kuti, "Ndipatseni 6302." Beringi yomweyo imagwira ntchito m'njinga zina zambiri, m'majenereta ndi m'mapampu, choncho ikasowa kwa a masipeya a njinga, yesani ku hadiweya kapena kwa ogulitsa masipeya a galimoto.

Zilembo zotsatira nambala nazo zili ndi ntchito. Ya gudumu ikhale 2RS, kutanthauza kuti ili ndi zotsekera za labala mbali zonse ziwiri. Ya ZZ ili ndi zotsekera za chitsulo, zimene zimatchinga fumbi lalikulu koma madzi amalowa. Njinga yoyenda msewu wa ku Kachulu kapena ku Chingale nthawi ya dzinja siikhalitsa nayo. Mkati mwa injini ndi nkhani ina: beringi ya pa kilankishafuti imakhala yotsegula kuti oilo azilowa, ndipo ngati yakale inalembedwa C3, yatsopano ikhalenso C3. Chizindikirochi chimanena kuti ili ndi mpata wokulirapo mkati wolola chitsulo kufufuma chikatentha. Mukaikapo wamba imatha kuuma injini ikatentha.

Zachinyengo zilipo zambiri, ndipo bokosi lokongola silitsimikizira kanthu. Itengeni m'manja muizungulize ndi chala. Ya 2RS yabwino imayenda mosalala koma molemererapo chifukwa cha girisi wa mkati. Imene ikuzungulira yokha mopepuka, n'kumamveka kuti tsetsetse, ilibe girisi wokwanira kapena mipira yake ndi yokhakhala. Isiyeni.

Poika, menyani mkombero wakunja wokha, pogwiritsa ntchito beringi yakale ija kapena soketi yofanana nayo kukula. Mukamenya mkombero wam'kati mipira imadinda timaenje, ndipo beringi yatsopano imayamba kulira sabata yomweyo. Ndipo musaiwale kubwezera kapaipi kam'kati kaja musanaike beringi yachiwiri. Kakasowa, mukamanga nati ya ekiselo mphamvu yonse imafinya mipira cham'mbali, gudumu limalimba, ndipo beringi imatha musanakafike ku Jali n'kubwerako kangapo. Ngati kanatayika kale, wosema zitsulo angakupangireni kena: kutalika kwake kukhale kofanana ndi mpata wa pakati pa mapewa awiri a mkati mwa habu, osachepera ngakhale pang'ono.

Siilo

Siilo nayo imakhala ndi manambala atatu pankhope pake, mwachitsanzo 25 42 7: bowo la mkati, kukula kwa kunja, kuchindikala. Ngati anafufutika, musayeze mlomo wa siilo yakaleyo, chifukwa unatha ndipo ukunamizani. Yezani chitsulo chimene siilo imakhudza, kenako bowo la habu limene imalowamo. Manambala awiri oyambawo akhale ndendende. Nambala yachitatu ingachepe ndi milimita imodzi popanda vuto, koma isakule kufikira kuti siilo itulukire kunja n'kumakhuzana ndi china.

Onaninso kapaipi kamene siilo imayendapo. Ngati kali ndi kamzere kokumbika kozungulira, siilo yatsopano idzakhala m'kamzere momwemo n'kumalowetsa matope. Mungaikankhire siilo mkati pang'ono kuti mlomo ukhale pa chitsulo chabwino, kapena kusemetsa kapaipi katsopano, imene ndi ntchito yaing'ono pa makina osemera.

Tcheni ndi masipuloketi: apa ndi povuta

Tcheni sichivuta. Pa timapuleti take pamalembedwa 420, 428 kapena 520. Njinga zambiri za 125 zimayenda ndi 428, chomwenso ndi cha njinga zambiri za kabaza. Tcheni cha 420 ndi cha 428 n'chofanana kutalika kwa mfundo, mamilimita 12.7 kuchokera pa pini kufika pa pini inzake, koma 420 n'chopapatiza mkati, motero sichikhala bwino pa mano a sipuloketi ya 428. Cha 520 mfundo zake n'zazitali, mamilimita 15.9, ndipo sichilowa n'komwe. Kuti mudziwe ngati chakale chatha, chikokeni chiwongoke, werengani mapini 21, muyeze kuchokera pakati pa yoyamba kufika pakati pa yomaliza. Chatsopano cha 428 chimakhala mamilimita 254. Chikafika 259 chatha, ngakhale chikuonekabe bwino. Gulani chachitali n'kudula, ndipo kakilipu ka mfundo yolumikizira mbali yake yotseka iloze kumene tcheni chikupita.

Vuto lenileni ndi sipuloketi yakumbuyo, chifukwa mabowo ake amatsata habu ya njinga imeneyo. Lembani zinthu izi: nambala ya tcheni, kuchuluka kwa mano, kukula kwa bowo lalikulu la pakati, kuchuluka kwa mabowo a mabawuti ndi kukula kwake, ndi mtunda wa pakati pa mabowowo. Ngati mabowo ndi anayi kapena asanu ndi limodzi, yezani kuchokera m'mphepete mwakunja mwa bowo limodzi kufika m'mphepete mwam'kati mwa bowo loyang'anana nalo. Muyeso umenewo ndi wofanana ndi wa pakati ndi pakati. Onaninso ngati sipuloketiyo ndi yafulati kapena yolowa ngati mbale. Yolowa mukaisintha ndi yafulati, tcheni chimayenda chopingasa n'kumadya mano mbali imodzi.

Njira yachidule ndi kusanjika yakale pamwamba pa yatsopano pakauntala pomwepo. Wogulitsa wabwino sakana. Mabawuti onse alowe m'mabowo a ziwirizo nthawi imodzi popanda kukakamiza.

Kawirikawiri mudzapeza yoti mabowo akugwirizana koma mano ndi ochepa, poti njinga za m'tauni zimakhala ndi sipuloketi yaing'ono kusiyana ndi za m'tchire. Apa gwiritsani ntchito masamu. Tiyerekeze kuti yanu inali ndi mano 14 kutsogolo ndi 49 kumbuyo. Gawani 49 ndi 14, mupeza 3.5, kutanthauza kuti sipuloketi yakutsogolo imazungulira katatu ndi theka kuti gudumu lizungulire kamodzi. M'shopu mwapeza ya mano 45. Mukagawa 45 ndi 14 mupeza 3.21. Nambala ikatsika chonchi njinga imathamanga pang'ono pa tala wa ku Liwonde, koma imafooka pokwera. Kupita ku Ku Chawe mutanyamula munthu mudzakhalira giya yoyamba, kilachi n'kumapsa. Mukasintha yakutsogolo kukhala ya mano 13, 45 kugawa 13 ndi 3.46, pafupifupi mmene zinalili. Kungoti sipuloketi yaing'ono kutsogolo imapinda tcheni kwambiri n'kuchithetsa msanga, choncho musatsike kupitirira apo. Yakutsogoloyo werengani mano a bowo lake lam'kati, amene amagwira shafuti, ndipo ilowe mothina. Yogwedera imadya mano a shafuti, ndipo shafuti imeneyo kuisintha n'kung'amba injini yonse.

Zikakanika zonse, gulani sipuloketi ya 428 ya mano oyenera imene bowo lake la pakati ndi laling'ono kuposa la yanu, mupite nayo kwa osema zitsulo pamodzi ndi yakale ndi habu yomwe. Akulitse bowo la pakati pa makina osemera, osati ndi tupa kapena moto, ndipo aboole mabowo atsopano pakati pa akale, kusiya chitsulo chokwanira kuzungulira bowo lililonse. Ngati m'tauni muno simunapeze wa makina amene mukumukhulupirira, ku Limbe ndi ku Blantyre alipo ambiri, ulendo wa tsiku limodzi. Ambiri amakonda njira yodula pakati pa yakale n'kuwotcherera mkombero wa yatsopano. Imayenda, koma ife sitiilimbikitsa: moto umapinda chitsulo ndi kufewetsa mano, ndipo n'kovuta kuti zikhale pakati penipeni. Mudzadziwa kuti yapendekeka mukakweza gudumu n'kulizunguliza: tcheni chimalimba pena n'kulefuka pena. Tcheni chotere chimakoka beringi ya mu giyabokosi mpaka kuitha.

Sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi. Tcheni chatsopano pa mano akale opindika chimatha m'miyezi yochepa.

Poti gudumu lili pansi kale, onani mashuzi a buleki. Yezani mkati mwa dilamu. Njinga zazing'ono zambiri ndi mamilimita 110 kapena 130. Kenako sanjikani shuzi yakale pa yatsopano kuti muone m'lifupi, malo a masipuling'i, ndi mathero onse awiri, kumene imakhala pa pini ndi kumene imakankhidwa. Chikopa chake chikatsala mamilimita 2 yatha. Mashuzi a kaunjika musagule, chifukwa guluu wogwira chikopa amatopa ndi zaka, ndipo chikamatuka gudumu limangokakamira muli pa liwiro.

Zam'kati mwa injini sizilola "pafupifupi"

Njira yomweyi ya miyeso imagwiranso ntchito pa pisitoni, koma pamafunika kusamala kwambiri. Injini zambiri za njinga za ku China zinakoperedwa ku Honda CG125, imene inatuluka m'zaka za m'ma 1970, choncho mwini CG yakale ali ndi mwayi. CG125 ndi XL125S zonse zili ndi silinda ya mamilimita 56.5 ndi pini ya pisitoni ya mamilimita 15, ndiye wogulitsa angakuuzeni kuti, "Ndi imodzimodzi, bwana." Musavomere msanga. Mavavu a CG amakankhidwa ndi timitengo tachitsulo kuchokera pansi, pamene a XL amayendetsedwa ndi katcheni kokwera kumutu, ndipo mitu yake siinapangidwe mofanana. Lowetsani pini imodzi m'mapisitoni onse awiri, yakale ndi yatsopano, zikhale moyandikana, muyerekeze kutalika kuchokera pa pini kufika pamwamba, maonekedwe a pamwambapo, ndi timaenje tolandira mavavu. Yaitali imagunda mutu kapena vavu, yaifupi imachepetsa mphamvu ndipo njinga imavuta kuliza. Mukamanga, zungulizani injini ndi dzanja kangapo pulagi mutachotsa. Ikagwira pena, musaponde kiki.

Pamwamba pa pisitoni yakale pangalembedwe STD, 0.25, 0.50, 0.75 kapena 1.00, kusonyeza ngati silinda inabooledwa kale: STD ndiye kuti siinabooledwepo. Gulani pisitoni kaye, ndipo pokaboola silinda mupite nayo, kuti aboole molingana ndi imeneyo. Maring'i muwayese musanamange: lowetsani limodzi m'silinda, likankheni ndi pisitoni likhale mowongoka, muyeze mpata wa pamene nsonga zake zakumana. Pa injini ya 125 ukhale pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.35. Ukasowa, ring'i ikatentha nsonga zimagundana n'kukanda silinda.

Za ma DT, amene amawotcha oilo pamodzi ndi petulo, musayesere n'komwe pisitoni ya injini ya mtundu wina. Pisitoni yake ili ndi timapini tiwiri togwira maring'i kuti asazungulire, ndipo malo a timapiniti anawerengedwa kuti nsonga za ring'i zisadutse pa mazenera a m'silinda. Akalakwika, ring'i imakodwa pazenera n'kuthyoka. Apa ndi pofunika kuitanitsa yeniyeni, ndipo pulagi yake ndi ya ulusi wa mamilimita 14 monga B8ES, osati ya 12 monga D8EA ya CG.

Pofuna kuitanitsa kapena kugula za kaunjika

Zotsala zimene zilibe muyeso wodziwika, monga magiya, habu, mutu wa injini ndi makava, muzifunefune ndi nambala ya sipeya. Yambani ndi kukopera nambala ya felemu, imene imadindidwa pakhosi pa njinga pansi pa mahandulo, ndi ya injini, chifukwa dzina limodzi ngati DT125 lakhala pa njinga zosiyanasiyana pa zaka zambiri. Ndi nambala zimenezo fufuzani pa intaneti buku la masipeya a mtundu wanu, lija la zithunzi zomwazika. Nambala ya Honda ili ndi zigawo zitatu, ndipo chapakati chimanena njinga imene sipeyayo inapangidwira poyamba. Ya Yamaha, zilembo zitatu zoyambirira ndi zimene zimanena zimenezo. Mukaona kuti chigawocho ndi cha mtundu wina wa njinga, ndiye kuti sipeyayo inabwerekedwa kumeneko, ndipo mwapeza dzina lachiwiri lokafunsira. Wachibale kapena wa geni amene amapita ku Joni kapena ku Dar es Salaam mumupatse nambala, chithunzi chokhala ndi rula pambali, ndi miyeso. Mukangomuuza dzina la njinga adzakubweretserani chofanana nacho chimene sichilowa, ndipo kubweza kulibe.

Njinga zakufa zimene zili kuseri kwa magalaja ku Chinamwali, ku Matawale kapena kumisika ya ku Songani ndi Thondwe ndi gwero labwino la zitsulo zolimba ngati habu, makava ndi magiya, ndipo ku Ndirande n'kumene ambiri amathera akasowa kwina konse. Giya muione mano ndi timabumphu tam'mbali timene timalumana ndi inzake. Tikakhala tozungulira m'mphepete, giya imeneyo izidumpha. Za labala, makebulo ndi maberingi a kaunjika ndi kutaya ndalama. Kabokosi ka moto, CDI, n'koyenera kuyesa panjinga musanalipire, chifukwa polumikizira mawaya ake pamatha kufanana pamene kena kamatenga magetsi ku batire, kena ku koilo ya mu injini, ndipo mukasemphanitsa sikatulutsa moto kapena kamapsa. Onaninso ngati njinga yanu ndi ya mavoti 6 kapena 12 musanagule babu, hutala kapena chilichonse cha magetsi, popeza zakale zambiri zinali za 6 pamene za m'mashopu lero ndi za 12.

Mukagula injini yonse kapena theka la kesi limene lili ndi nambala, funsani wogulitsa akuonetseni kumene inachokera, ndipo akulembereni kalata yosonyeza nambalayo, mtengo ndi tsiku, pamaso pa mboni. Injini yoti nambala yake inapalidwa ndi tupa isiyeni ngakhale itatchipa bwanji, chifukwa njinga zobedwa zimathera m'masipeya. Ndipo nambala ya injini ikasintha, pitani ndi kalatayo ku ofesi ya Road Traffic kuti zolembedwa m'buku la njinga zigwirizane ndi zimene apolisi adzawerenge pa injiniyo pa lodibuloko.